Kumanzere −4, kumanja 4: bwanji osangotenga pakati?

"Aphunzitsi, ndili fomu 5 kuno ku Mufakose. Anatipatsa limiti ya (x² − 4)/|x − 2| pamene x akuyandikira 2. Ine ndinalemba 4, anandithetha, akuti limiti palibe. Mnzanga anapeza −4, nayenso anamuthetha. Nanga bwanji osangotenga pakati pake, 0, nkhani n'kutha?"

Mwana wanga, nonse awiri munawerengera bwino, koma aliyense anangoyang'ana mbali imodzi. Tenga kakyuleta tione.

Yamba ndi manambala oposa 2 pang'ono. Ukaika 2.1, pamwamba pakutuluka 0.41, pansi 0.1, ndiye yankho ndi 4.1. Ukaika 2.01 upeza 4.01. Ukamasenderabe, mayankho akulunjika pa 4. Imeneyi ndi limiti ya kumanja, ndipo timalemba x → 2⁺. Tsopano dzera kunsi kwa 2. Ukaika 1.9, pamwamba pakhala 3.61 − 4, amene ndi −0.39. Pansi x − 2 ndi −0.1, koma timizere tiwiri toimirirato timafufuta mainasi, n'kutsala 0.1. Yankho ndi −3.9. Ukaika 1.99 upeza −3.99. Uku mayankho akulunjika pa −4, limiti ya kumanzere, x → 2⁻.

Chayambitsa zonsezi ndi timizereto. Pamwamba paja ndi (x − 2)(x + 2). Ngati x waposa 2, |x − 2| ndi x − 2 yemweyo, ndiye ziwirizi zimafafanizana n'kutsala x + 2. Ngati x sanafike pa 2, |x − 2| amasanduka −(x − 2), ndipo chotsala ndi −(x + 2). Iwe unafafaniza osafunsa kaye kuti x ali mbali iti. Usadandaule, inenso ndili pa msinkhu wako ndinkatero, ndipo ndinakangana ndi aphunzitsi anga mpaka belu linalira.

Za kutenga pakatizo ndiye ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ganizoli likumveka lachilungamo, ngati mmene akuluakulu amagawira mlandu kuti pasakhale wodandaula. Koma limiti si chigamulo chogwirizanitsa anthu. Tikati limiti ndi L, tikulonjeza kuti munthu atatipatsa mpata wochepa bwanji kuzungulira L, tingathe kusendera pafupi ndi 2 mokwanira moti mayankho onse, a kumanzere ndi a kumanja omwe, agwere mkati mwa mpatawo. Mawu ofunika ndi akuti onse.

Tiyese 0 wakoyo. Ndikupatsa mpata wa 1, kutanthauza kuti mayankho akhale pakati pa −1 ndi 1. Sendera mmene ungathere. Pa 2.001 upeza 4.001, pa 1.999 upeza −3.999. Palibe ngakhale limodzi lolowa. Nambala ya 0 ndiye yalephera kuposa zinzake, chifukwa 4 uja mbali imodzi inamuvomerako, koma 0 palibe mbali imene ikupitako.

Ndipo palibe nambala ina imene ingapambane. Manambala awiri akakhala mkati mwa mpata wa 1 kuchokera pa L, sangatalikirane kuposa 2. Athuwa akutalikirana ndi 8 nthawi zonse: chotsa −3.99 pa 4.01 uone. Kusendera pafupi sikukutseka mpatawo.

Ganizira anthu awiri amene apangana kukumana pa Joina City, nyumba yosanja ya m'tauni ya Harare. Wina wadzera mbali iyi, wina mbali inayo, onse afika pa nyumba imodzimodzi. Koma wina waima pansi pomwe pakudutsa anthu, wina ali pa nsanjika yapamwamba. Kodi unganene kuti akumana pa nsanjika yapakati, pomwe palibe amene wapondapo? Pa girafu zilinso choncho. Mzere wa kumanzere ukutsetsereka kukathera pa (2, −4), wa kumanja ukuyambira pa (2, 4) n'kumakwera. Pothera ponse pawiri timajambula kabwalo kosadetsa mkati, poti pa 2 penipeni pamatuluka 0/0, yemwe alibe tanthauzo. Kuti uchoke pa mzere wina kupita pa unzake, uyenera kunyamula pensulo.

Ena amati, bwanji tingolamula kuti pa x = 2 yankho likhale 0? Ungathe kutero, koma wangodontheza kadontho pakati pa phompho. Limiti sifunsa zimene zili pa 2 penipeni, imafunsa kumene mayankho oyandikana naye akulowera.

Chotsa timizereto, utsale ndi (x² − 4)/(x − 2), uyesenso. Pa 2 pakadali 0/0, koma 1.99 akupereka 3.99 ndipo 2.01 akupereka 4.01. Mbali zonse zagwirizana, limiti ilipo, ndi 4 wako uja. Choncho 0/0 payekha sakuuza kuti limiti palibe. Ukaona timizere, kapena lamulo losintha pa nambala imene ukuyandikirayo, werengera mbali iliyonse payokha. Pa pepala la mayeso lemba limiti ya x → 2⁻ kuti ndi −4, ya x → 2⁺ kuti ndi 4, kenako chiganizo chonena kuti poti ziwirizi n'zosiyana, limiti pa x → 2 palibe. Mnzako uja umuonetse tsambali mawa.