Xbox ikalemba Strict, yambani mwaona adiresi ya rauta

"Achimwene, Xbox yanga imalemba NAT Type: Strict, ndipo ndikafuna kusewera mpira ndi mnzanga wa ku Zomba sitilumikizana, chonsecho intaneti ikuthamanga bwino. Rauta yanga ndi yoikamo simu, ndili ku Monkey Bay. Nditsegule UPnP kapena Port Forwarding?"

Kalata yanuyi yandikumbutsa usiku wina wa mwezi wa Okutobala kuno ku Mangochi Boma, pamene ndinakhala pakhonde mpaka tambala woyamba, thukuta lili kamukamu, ndikulowetsa nambala 3074 mu rauta, kuizimitsa, kuiyatsanso, koma Strict osasuntha. Msuweni wanga ku Lilongwe anatopa n'kudikira, nakagona.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti NAT siyesa liwiro la intaneti. Zipangizo zonse za m'nyumba zimatulukira pa adiresi imodzi, ndipo rauta imakhala ngati mlonda wapageti amene amalola yankho la uthenga umene mwatumiza nokha, koma amabweza mlendo wobwera osaitanidwa. Masewera ambiri amafuna kuti makina anu ndi a mnzanu alankhulane mwachindunji, choncho wa Strict amalumikizana ndi wa Open yekha, pamene wa Moderate kapena wa Strict mnzake amalephera. Pa PlayStation zofanana ndi zimenezi zimalembedwa Type 3.

UPnP imalola Xbox kupempha yokha kuti rauta itsegule khomo, pamene pa Port Forwarding mumatsegula ndinu, n'kulozetsa khomo 3074 la UDP ndi TCP ku adiresi ya Xbox. Zonsezi zimathandiza pokhapokha ngati mlonda ndi mmodzi. Apa ndi pamene ndimakwiya ndi malangizo ambiri a pa intaneti, chifukwa amalembera anthu a intaneti ya waya, osaganizira ife amene timadalira simu. Makampani a mafoni kawirikawiri amaika makasitomala ochuluka pa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT, ndipo geti lachiwirilo lili kwa iwo, inu simungalikhudze. Ine ndinkatsegula chitseko cha kuchipinda pamene geti lakunja linali lokhoma.

Choncho lowani mu rauta, pezani pamene palembedwa WAN IP, yomwe ndi adiresi imene kampani yapatsa rauta yanu, ndipo muyerekeze nambalayo ndi imene mungapeze mukafufuza "what is my ip" pa Google. WAN IP ikayamba ndi 10 yotsatiridwa ndi kadontho, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapenanso ziwirizo zikasiyana, musataye tulo ndi makomo. Funsani kampani yanu ngati imagulitsa adiresi yapoyera. Zikafanana, yatsani UPnP, zimitsani rauta ndi Xbox, muziyatsenso, kenaka pa Xbox musankhe Test NAT type. Port Forwarding muigwiritse ntchito UPnP ikakanika, ndipo Xbox muipatse adiresi yosasintha, chifukwa magetsi akathima n'kuyakanso rauta ikhoza kuipatsa nambala ina, khomo lija n'kumaloza pamene palibe kanthu.