Mawu atatu amene sangakhale oona onse pamodzi

"Bambo anga anamwalira mu 2018 ndipo anatisiyira munda ku Domwe, kuno ku Angoniya. Aneba athu akulima mundawo ndipo akukana kuchoka. Kwa a nyakwawa ananena kuti analowamo bambo atamwalira, poona kuti unali tsala. Chaka chino cha 2025, ku bwalo la m'mudzi, anena kuti alimamo zaka 12, ndiye lamulo lawapatsa. Aliyense akuona kuti akunama, koma ndingawagwire bwanji pamaso pa woweruza?"

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo komanso mavuto amene atsatirapowa. Choyamba ndikupempheni kuti mawu oti "akunama" muwasiye kunyumba. Woweruza amawamva tsiku lililonse kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo samusuntha. Chimene chili m'manja mwanu n'champhamvu kuposa pamenepo. Mungathe kusonyeza kuti zimene aneba anu ayankhula okha, ndi pakamwa pawo, sizingakhale zoona zonse nthawi imodzi, ndiponso kuti pa zimenezo, chilichonse chimene angasankhe kutaya chikugwetsa mlandu wawo.

Tiyambe ndi pamene iwo aima. Zaka 12 sanazitole pamsewu. Lamulo la malo, nambala 19 la chaka cha 1997, pa ndime 12 limatchula njira zitatu zopezera ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene timautcha DUAT. Pali kukhala pamalo motsatira mwambo, pali kupempha ku boma, ndipo pali njira imene iwo akudalira: nzika ya Mozambiki imene yagwiritsa ntchito malo kwa zaka zosachepera 10, mwa mtima woona. Mtima woona pano ukutanthauza kuti polowa pamalopo munthu sankadziwa kuti akupondereza ufulu wa wina. Zinthu ziwirizi zimafunika pamodzi. Zaka zikakwana koma mtima woona palibe, ufulu sunabadwe. Mtima woona ukakhalapo koma zaka n'zoperewera, chimodzimodzi.

Tsono onani chifukwa chake anayankhula pawiri. Mawu a kwa a nyakwawa anali ogulira mtima woona: mwini wake anali atapita, munda unali thengo, sindinalande wina. Mawu a ku bwalo anali ogulira zaka. Mawu aliwonse paokha ndi omveka, ndipo ngakhale mutawaika awiriwo pafupi sakutsutsana. Munthu angathe kulowa m'munda mwini wake atamwalira n'kulimamo zaka 12, ngati mwiniyo anamwalira kalekale. Kutsutsana kumaoneka mukabweretsa chinthu chachitatu, chaka cha imfa. Ngati analowa bambo atamwalira, ndipo bambo anamwalira mu 2018, pofika 2025 zaka sizingapitirire 7. Ngati alimadi zaka 12, ndiye analowa mu 2013, bambo akadali moyo, zaka 5 maliro asanachitike. Pa mawu atatuwa, amodzi ayenera kugwa. Apa simukufunika mboni yoti inaona chilichonse, mukungowerenga zaka.

Anthu ambiri amathera pomwepa, ali okondwa kuti amugwira munthu, kenako n'kukadabwa kuti mlandu wawavuta. Kutsutsana kumangotiuza kuti pa mawu atatuwo alipo abodza, koma sikuloza kuti abodzawo ndi ati. Ntchito yanu ndi kukhomerera amodzi kuti asasunthe, kenako n'kutsatira kumene awiri otsalawo akupita.

Oti muwakhomerere ndi a chaka cha imfa, chifukwa amenewo ali ndi pepala. Katengeni chikalata cha imfa ku ofesi ya boma yolembetsa kubadwa ndi imfa. Ngati imfayo simunailembetse, monga zimachitikira m'midzi yambiri, funsani kuofesi komweko mmene mungailembetsere mochedwa, ndipo padakali pano sungani bwino pepala la kuchipatala kapena kalata ya kutchalitchi yochokera m'buku la maliro. Chaka chimenechi chikakhazikika, aneba anu atsala ndi njira ziwiri zokha.

Akataya zaka 12 n'kugwiritsitsa zoti analowa pambuyo pa maliro, zaka zawo ndi 7, ndipo 7 sikwana 10. Ndime 12 yawatsekera chitseko. Akataya mawu a kwa a nyakwawa n'kugwiritsitsa zaka, avomera okha kuti analowa mwini munda ali moyo, akukhala m'mudzi womwewo. Funso limabwera lokha: munalowa bwanji? Akati bambo anawabwereka, wobwereka amadziwa kuti chinthu ndi cha mwini, ndipo amachisungira mwiniyo. Zaka zobwereka, zichuluke chotani, sizimupatsa munda. Akati analowa osapempha, ndiye ankadziwa kuti akulowa m'munda wa munthu, mtima woona wathawa. Akati anagula, ndime 3 ya lamulo lomwelo, pamodzi ndi ndime 109 ya malamulo aakulu a dziko, imanena kuti nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu angagulitse ndi zimene wamanga kapena kukonza pamalopo, ndipo malonda otero ali ndi mapepala ake amene aneba anu ayenera kuonetsa.

Wokumba mbewa amayamba watseka mbuli. Musanapite kukhoti, khalani pansi muganizire pothawira ponse, chifukwa kutsutsana kwina ndi kwa maso chabe ndipo kumasungunuka ndi chiganizo chimodzi. Pothawira poyamba ndi malo. Angadzanene kuti zaka 12 ndi za dimba la kumunsi kudambo, pamene munda wa chimanga wakumtunda analowamo pambuyo pa maliro. Akatero mawu onse atatu akhoza kukhala oona, ndipo kuwerenga kwanu kwa zaka kwafa, makamaka pa dimbalo. Choncho powafunsa, malo atchulidwe ndi malire ake: kuyambira pamtengo wa mango kufika pachulu, kutsika mpaka kumtsinje. Avomere kaye kuti mawu awo onse awiri akukamba za malo amodzi omwewo.

Pothawira pachiwiri ndi chiwerengero. Munthu wakumudzi akati zaka 12 nthawi zambiri akutanthauza kuti ndi kale, ndipo woweruza amadziwa zimenezo. Lamulo limamupatsa ufulu woyeza mawu a mboni monga waonera, kotero kuphonya chaka chimodzi kapena ziwiri sakuona ngati bodza. Musalimbane ndi manambala okha. Mangirirani nthawi pa zinthu zimene mudzi wonse ukukumbukira. Funsani kuti: pamene anthu a kalembera ankayenda m'makomo mu 2017, ndani ankalima munda umenewu? Pa tsiku la maliro, chimanga chimene chinali m'mundamo chinali cha yani? Mafunso otere sayankhika ndi "sindikumbukira bwino".

Ndipo samalani ndi dongosolo la mafunsowo. Musayambe ndi kuwaonetsa kutsutsanako, chifukwa mukatero mwawapatsa mpata wokonza nkhani. Funso lililonse likhale lalifupi, lofuna inde kapena ayi, ndipo limalizike musanapite pa lina. Kodi munalowa m'mundamu malemu ali moyo kapena atamwalira? Kodi ndi munda wonse, ndi dimba lomwe? Kodi mwalimamo zaka zingati? Pamapeto pake mpamene chikalata cha imfa chimaikidwa patebulo. Zikatero musawafunsenso kuti afotokoze. Kufotokoza ndi kwa inu, polankhula ndi woweruza.

Vuto lalikulu limene ndikuona m'nkhani yanu ndi lakuti mawu a kwa a nyakwawa mwina sanalembedwe. Mawu osalembedwa amakanidwa mosavuta. Pitani kwa a nyakwawa ndi akuluakulu amene analipo tsiku limenelo, muwapemphe ngati angavomere kudzaikira umboni, ndipo ku bwalo la m'mudzi pemphani pepala losonyeza zimene zinakambidwa ndi zimene anagamula. Mabwalo amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4 la 1992, ntchito yawo yoyamba ndi kuyanjanitsa, ndipo amene sanakhutire ndi chigamulo ali ndi ufulu wopititsa nkhani kukhoti la boma, lomwe kwa inu ndi la ku Ulongwe. Ngati ndalama ya loya palibe, a IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu, amaimira anthu osauka kwaulere.

Kukhotiko mbali iliyonse imalemba nkhani yake. Aneba anu akadzabwereza m'pepala lawo kuti analowa pambuyo pa maliro, uzani wokuimirani kuti alembe momveka kuti mbali yanu yavomera mfundo imeneyo. Munthu angathe kubweza zimene wavomera m'mapepala a mlandu pokhapokha mnzake asanazilandire mwachindunji, ndiye mukachedwa adzazifufuta. Mfundo zina zonse zimene simukugwirizana nazo muzikane imodziimodzi, chifukwa imene yasiyidwa osaikana khoti lingaitenge ngati mwaivomera. Pa tsiku lozenga mlandu, mboni yawo ikanena kuti analowa bambo ali moyo pamene iwo eni akunena kuti atamwalira, wokuimirani angapemphe woweruza kuti awakumanitse maso ndi maso pa mfundo imodzi yomweyo. Njira imeneyi pa Chipwitikizi amati akariyasawu. Dziwaninso kuti loya amaloledwa kupempha zinthu mosanjikiza, kuti ngati khoti silivomera ichi livomere icho. Kumeneko si kudzitsutsa. Chimene mukusaka inu ndi kutsutsana pa zimene zinachitika, osati pa zimene akupempha.

Tsopano mbali imene mwina simuikonda. Kugwa kwa nkhani yawo sikuimika yanu. Ndime 342 ya malamulo a milandu ya pakati pa anthu imati amene akunena kuti ali ndi ufulu ndiye ayenera kubweretsa umboni wake. Mukakasuma ndinu, woweruza adzafuna kumva kuti bambo anu anali ndi ufulu pamundapo ndiponso kuti inu ndinu mwana wolowa m'malo. Apa lamulo la 1997 lili kumbali yanu. Ndime 13 imati kusowa kwa chikalata sikuchotsa ufulu umene munthu anaupeza pokhala pamalo, ndime 15 imalola umboni wa amuna ndi akazi a m'deralo, ndipo ndime 16 imati ufuluwu umapita kwa olowa m'malo posayang'ana kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

Koma muyeso umene mukuyezera aneba anu, loya wawo adzayezera inunso. Ngati mchimwene wanu akunena kuti mundawo sunagonepo chaka n'chimodzi chomwe, azakhali anu akunena kuti unakhala tsala zaka zitatu bambo akudwala, ndipo inu mukunena kuti munkalima limodzi ndi bambo mpaka 2018, ndiye kuti inunso muli ndi mawu atatu amene akulimbana. Sindikunena kuti muwaphunzitse zokanena, umenewo ndi mlandu pawokha ndipo woweruza amazindikira mboni zoloweza. Mverani aliyense payekha, lembani zimene akukumbukira chaka ndi chaka, ndipo pamene akusiyana fufuzani chimene chinachitikadi. Ngati mundawo unagonadi pamene bambo ankadwala, nenani choncho nokha m'pepala lanu loyamba, ndipo mboni imene sikukumbukira chaka iuzeni kuti ili ndi ufulu wonena kuti sikukumbukira.