Kalata ya achemwali ochokera kunja ndi buku la kuchipatala: timvere iti?

"Bambo anga atulutsidwa m'chipatala sabata yatha atagonekedwa ndi vuto la mtima. Tinajambula zonse zimene madokotala analemba n'kutumizira achemwali anga amene ndi namwino ku Mangalande, ndipo iwo atilembera kalata yaitali yotimasulira. Koma pa mankhwala ena kalatayo ikusiyana ndi zimene tinauzidwa pawindo la famase, ndipo amalume akuti tisiye zachizunguzo. Kodi timvere ndani?" Wowerenga wa ku Chinamwali.

Funso lanuli ndinaliwerenga kawiri ndisanayambe kuyankha, chifukwa linandikumbutsa mwezi wa Ogasiti wa chaka chimene mayi anga anagonekedwa masiku asanu ndi anayi miyendo itatupa mpaka m'mawondo, akulephera kugona chagada chifukwa cha kubanika. Ine ndi amene ndinali gadiyani, ndipo tsiku lotuluka ndinapatsidwa buku lawo la kuchipatala ndi timatumba tiwiri ta mapiritsi, nthawi ili cha m'ma 3 koloko masana, mtima wanga wonse uli pa kupeza galimoto yolowera ku Jali dzuwa lisanalowe. Namwino wa mu wodiyo anandifotokozera ndithu, sindinganame, koma anali yekha pakati pa odwala ambiri, ndipo ine ndinkangoyankha kuti "chabwino" pa chilichonse. Titafika kumudzi n'kutsegula bukulo pa nyali, tinapeza mizere iyi:

```
Dx: CCF 2° HTN
Furosemide 40 mg OD
Enalapril 5 mg BD
Stop nifedipine
U&E 2/52
R/V 1/12
```

Amalume anga, amene anaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri ndipo ndi amene amawerengera banja lonse makalata, anaika magalasi awo n'kugamula kuti mayi akaonekerenso kuchipatala pa 1 Disembala, popeza palembedwa 1/12. Za 2/52 anati mwina ndi nambala ya bedi. Palibe amene anatsutsa, ndipo ine ndinasangalala mumtima kuti ndapumula ku ulendo wa m'tauni kwa miyezi itatu.

Chimene chinatipulumutsa n'chakuti mng'ono wanga anajambula tsambalo n'kutumiza pa WhatsApp kwa achemwali athu aakulu, amene ndi namwino ku Ayalandi. Iwo atachoka ku ntchito ya usiku anakhala pansi n'kulemba ndi dzanja masamba anayi m'Chichewa, n'kuwajambula. Kalatayo ndikuisungabe. Inayamba ndi malonje monga mwa mwambo, kufunsa za amalume ndi za chimanga cha m'nkhokwe, kenako inalowa mzere ndi mzere. Inati 1/12 si deti ayi, koma mwezi umodzi mwa miyezi 12 ya pachaka, ndipo 2/52 ndi masabata awiri mwa masabata 52, monganso 5/7 akadatanthauza masiku asanu. Motero mayi ankafunika kukayezetsa magazi pakatha masabata awiri kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito ndiponso kuchuluka kwa mchere wa potaziyamu, chifukwa enalapirilo amatha kuukweza pamene furosemayidi amautsitsa, ndipo onse awiri amatha kulemetsa impso. Kukaonana ndi dokotala kunali mu Seputembala. Achemwali anawonjezera funso limene linatichititsa manyazi tonse: ngati anakupatsani mapiritsi a masiku 30 okha, mumaganiza kuti mayi adzamwa chiyani kufikira Disembala?

Anafotokozanso kuti CCF ndiye kuti mtima wafooka moti sukupopa magazi mokwanira, choncho madzi amatsalira m'miyendo ndi m'mapapo, ndipo chimene chinaufooketsa ndi matenda a kuthamanga kwa magazi amene mayi anakhala nawo zaka zambiri. OD ndi kamodzi pa tsiku, BD ndi kawiri. Furosemayidi anati azimwa m'mawa, chifukwa amayamba kukodzetsa pasanathe ola limodzi ndipo mphamvu yake imatenga maola pafupifupi asanu ndi limodzi, kotero kuti womwa madzulo amachezera kupita kuchimbudzi mumdima. Anatiuza kuti tifufuze m'chikwama cha mayi, ndipo tinapezamo nifedipini wakale amene bukulo linati asiye, komanso katumba kena kolembedwa Lasix kamene anagula mwezi wapitawo. Ife tinkati ndi mankhwala ena, osadziwa kuti ndi furosemayidi yemweyo m'dzina la malonda, ndipo mayi anali atakonzeka kumwa onse awiri.

Pa zakudya kalatayo inalankhula ngati munthu amene anakulira pa mafuwa athu omwewa. Sinangonena kuti achepetse mchere basi, koma inatchula soda amene timathira mu therere, kuti nayenso ali ndi sodiyamu yemwe uja amene amasunga madzi m'thupi, inatchulanso timibulu tokometsera ndiwo ndi nsomba zouma zothira mchere. Inaletsa bulufeni, indosidi ndi dayikulofenaki, amene mayi ankagula pa okala mawondo akawawa, chifukwa amasungitsa madzi ndipo akakumana ndi mankhwala awiri aja impso zimatha kuvulala. Zimenezi m'buku munalibe, ndipo sindikudzudzula amene analemba, chifukwa bukulo dokotala amalembera dokotala mnzake amene adzaone wodwalayo mtsogolo, osati ife a m'nyumba.

Mpaka apa mukhoza kuganiza kuti ndikuuzani kuti mumvere achemwali anu pa zonse. Ndikadatero ndithu chikhala kuti nkhani inathera mu Seputembala.

Pa mzere wa enalapirilo achemwali analemba kuti "piritsi limodzi m'mawa, limodzi madzulo", ndipo zinali zoona pa nthawiyo, chifukwa m'katumba kamene tinawajambulira munali mapiritsi a 5 mg. Mwezi wachiwiri mankhwalawo sanapezeke kumene tinkalandirira, choncho ndinakagula pa famase ina m'tauni muno. Wogulitsayo anandipatsa a 10 mg, ndipo analemba pakatumbapo kuti theka m'mawa, theka madzulo, n'kunenanso pakamwa. Ine ndinamva, koma mankhwalawo ndinawatumiza kumudzi ndi wa kabaza wa njinga yamoto osanenapo kanthu. Kumudziko kalata ya achemwali inali itasanduka lamulo. Amalume omwe aja, amene poyamba ankaikayikira, anali ataikopera m'kope n'kuimata pakhoma pafupi ndi kalendala ya mpingo, ndipo ataona kuti katumba kakunena theka pamene kalata ikunena limodzi, anati mwana wathu amagwira ntchito ndi madokotala akuluakulu, sangalakwitse. Mayi anamwa 20 mg pa tsiku m'malo mwa 10 mg kwa masiku asanu ndi limodzi, m'nyengo yotentha ya Okutobala, akumwanso furosemayidi ndiponso akutsegula m'mimba pang'ono. Anayamba kudandaula chizungulire akadzuka pamphasa, ndipo tsiku lachisanu ndi chimodzi anagwa pakhomo la bafa n'kung'ambika pachipumi. Ku chipatala chaching'ono anapeza kuthamanga kwa magazi awo kutatsika mpaka 88/56.

Mlandu umenewu ndi wanga kuposa wina aliyense, ndipo achemwali atamva analira pa foni ngati kuti ndi iwo anawagwetsa. Koma kuchokera tsiku limenelo maganizo anga pa makalata oterewa anauma, ndipo sindibisa. Namwino amene ali kunja amaona chithunzi cha pepala, saona wodwala. Sangadine chala pamwendo kuti aone ngati pakutsala dzenje, sangamvetsere m'chifuwa, sadziwa kuti sabata ino ku famase kwabwera mapiritsi a mphamvu yanji, ndipo kalata yake imaima pa tsiku limene inalembedwa pamene matenda ndi mankhwala zikusintha. Komanso chithunzi chojambulidwa usiku ndi foni yosweka galasi chimabisa kadontho, moti 2.5 amaoneka ngati 25, ndipo tsamba lakumbuyo nthawi zambiri timaiwala kulijambula. Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi ulemu wopotoka umene timapereka kwa chilichonse chochokera kutsidya kwa nyanja, mpaka kunyoza zolemba za munthu amene wagwira katumbako ndi manja ake, chifukwa choti iye timakumana naye pamsika wa Mpondabwino akugula tomato ngati ife tomwe. Mbali inayo nayonso ndi yolakwa mofanana, ya anthu amene amataya kalata yonse ati n'zachizungu, chikhalirecho mkati mwake muli zinthu ngati za 1/12 zija, zimene popanda izo mayi anga akadakhala miyezi iwiri osamwa mankhwala.

Achemwali anasintha kalembedwe kawo. Kalata yachiwiri inalibenso mawu akuti piritsi limodzi. Inkatchula mamiligalamu, n'kunena kuti tiziwerenga nambala ya pakatumba nthawi iliyonse tikalandira atsopano, ndipo pamwamba pake analemba deti ndi mawu akuti ikadzasiyana ndi zimene dokotala walemba pambuyo pa detili, kalatayi yatha ntchito. Zimene iwo ankakayikira sanazilembenso ngati malangizo, koma ngati mafunso oti ine ndikafunse pa tsiku lokaonana ndi dokotala. Anatigulira sikelo ya m'nyumba kuti mayi aziyezedwa m'mawa uliwonse akakodza, asanadye, ndipo anati kulemera kukakwera ndi makilogalamu opitirira 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi osati kunenepa, tipite kuchipatala osadikira deti. Mng'ono wanga amalemba manambalawo kumapeto kwa kope la amalume lija.

Tsono inu muchite chiyani

Pamene kalata ya achemwali anu ikumasulira mawu ofupikitsidwa, kufotokoza matenda, kapena kutchula zizindikiro zoopsa, ikhulupirireni, ndipo amalume muwawerengere pang'onopang'ono kuti nawonso aimve. Pamene ikusiyana ndi famase pa kuchuluka kwa mankhwala, musavote pabanja ndiponso musasankhe pakati ndi pakati. Yambani mwayerekeza zinthu zitatu: mamiligalamu a m'buku, mamiligalamu a piritsi limodzi olembedwa pakatumba kapena pakapepala kokutira, ndi chiwerengero cha mapiritsi chimene munauzidwa. Kawirikawiri mudzapeza kuti onse awiri akunena chinthu chimodzi, kungoti wina akuwerenga mapiritsi a 5 mg, wina a 10 mg. Zikapanda kugwirizana, tengani buku, timatumba tonse kuphatikizapo takale, ndi kalatayo, mupite nazo mawa lomwe kwa amene analemba mankhwalawo kapena ku famase ya chipatalacho, ndipo zimene akuuzeni muwapemphe azilembe m'buku, kenako mujambulenso masana poyera n'kutumizira achemwali anu. Podikira mawalo bambo apitirize monga mwalembedwera pakatumba, pokhapokha ngati akuchita chizungulire chogwetsa, akusanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, mkodzo wachepa, akubanika atangokhala, kapena milomo ndi lilime zatupa, pakuti zikatero ulendo wa kuchipatala ndi wa lero lomwe, ngakhale ku Mangalandeko foni isanayankhidwe.