Kuchepetsa kuwala kwa TV usiku

"Maso amandiwawa ndikamaonera TV yanga ya LG usiku mumdima. Ndisinthe chiyani?"

Pa LG zambiri, mukalowa mu Settings mupeza Eye Comfort Mode, ndipo mukaiyatsa zoyera zimaoneka zachikasu pang'ono chifukwa kuwala kwa buluu kwachepetsedwa. Komabe, chimene chimatopetsa maso kwambiri ndi chithunzi chowala mopitirira m'chipinda chamdima, choncho mu Picture Mode chokani pa Vivid musankhe Cinema, kenako mutsitse Backlight mpaka mawu oyera apansi asiye kuthobwa m'maso. Musatsitse Brightness, chifukwa pa TV zambiri imangodetsa mithunzi, moti makwinya a jekete lakuda amasoweratu. Nkhope zikayamba kuoneka zofiirira ngati njerwa, chikasu chachuluka, ndipo muchibweze pa Colour Temperature. Ndikukupemphaninso kuti muziyatsa kanyale kofooka kuseri kwa TV.