Galoni ya ndani, tsiku la ndani?

"Akuluakulu, ndapatsidwa kapepala ka malangizo a mankhwala opopera mbewu kuti ndimasulire m'Chichewa. Mawu onse ndathana nawo, koma pandiimitsa ndi pa manambala. Pali `2 fl oz/gal`, pali `03/04/2026`, pali `86°F`, ndiye pansi pali mtengo wa katoni, `$1,250`. Ndingozikopera momwe zililimu, kapena ndizisinthe?"

Achemwali, musanakhudze nambala ina iliyonse, yambani mwafufuza dziko limene kapepalako kanalembedwera. Onani keyala ya kampaniyo, nambala ya foni, ngakhale kalembedwe ka Chingelezi chakecho. Mwa zinayi mwatchulazi, muyeso wa mankhwala, tsiku ndi mtengo zimawerengedwa mosiyana malinga ndi kumene zachokera. Poona kuti kutentha akuyeza m'madigiri a `°F`, ine ndikuganiza kuti ndi ka ku America, ndipo ndiyankha motero, koma mutsimikize kaye kwa amene anakupatsani ntchitoyo.

Ndiyambe ndi muyeso wa mankhwala, chifukwa apa ndi pamene munthu angawononge munda wake wonse. Chidule cha `gal` chikuimira galoni, ndipo magaloni alipo awiri. Ya ku America ndi malita 3.785, pomwe ya ku Britain ndi malita 4.546. Nayonso `fl oz` ndi muyeso wa zamadzimadzi, ndipo ya ku America ndi mamililita 29.57. Musaisokoneze ndi `oz` yopanda `fl` kutsogolo, imene imayeza kulemera ndipo ndi magalamu 28.35. Mankhwala a ufa amalembedwa ndi yachiwiriyi, amadzi ndi yoyambayo.

Tsono tiwerengetse. Ma `fl oz` awiri ndi mamililita 59 ndi kachidutswa, ndipo akuthiridwa m'madzi okwana malita 3.785. Mukagawa, lita iliyonse ikulandira mamililita 15.6. Mukanati mwatenga galoni ya ku Britain, mamililita 59 omwewo akanalowa m'malita 4.546, lita iliyonse n'kulandira mamililita 13 okha. Mankhwalawo akanasukuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6. Choipa chake n'chakuti palibe amene angaone cholakwikacho papepala. Mlimi apopera monga mwalembera, tizilombo sitifa, ndipo iye anena kuti mankhwalawo ndi achinyengo.

Koma musalembe 15.6 n'kusiyira pomwepo. Ndani ali ndi choyezera mamililita 15.6 kumunda? Ganizirani chimene wowerengayo wagwira m'manja. Ambiri amapopera ndi mpope woberekera kumsana, ndipo wofala kwambiri ndi wa malita 16. Galoni ya ku America ili ndi ma `fl oz` 128, choncho awiri pa 128 ndi gawo limodzi pa magawo 64. Malita 16 ndi mamililita 16,000, ndipo mukagawa ndi 64 mupeza mamililita 250 ndendende. Ine ndikanalemba kuti: "Thirani mamililita 250 a mankhwala m'madzi okwana malita 16." Wa mpope wa malita 10 mumupatse mzere wakewake, mamililita 156. Chimene sindingachite ndi kukweza 15.6 kuti akhale 16 kapena 20 pofuna kuti nambala ioneke yosalala. Pa mtunda wa ulendo mutha kunena kuti "pafupifupi", koma pa mlingo wa mankhwala ayi. Muyeso woyambirira uja muusiye pambali pa watsopanowo kuti woyang'anira ntchito athe kuyerekeza, ndipo masamu anuwo muwatumize kwa eni kapepalako kuti avomereze musanasindikize. Kusintha mlingo si chinthu choti womasulira asenze yekha.

Tsikulo ndi msampha wina. Ku America amayamba ndi mwezi, ndiye `03/04/2026` ndi 4 Malichi 2026. Ku Britain ndi mayiko ena ambiri amayamba ndi tsiku, ndiye manambala omwewo ndi 3 Epulo 2026. Ngati limenelo ndi tsiku lothera mphamvu mankhwala, wowerenga amene anazolowera kuyamba ndi tsiku awagwiritsabe ntchito kwa mwezi wathunthu atatha kale. Kukopera momwe zilili pamenepa ndi kumusocheretsa, ngakhale simunasinthe kanthu.

Pali njira zodziwira. Sakani tsiku lina m'kapepala momwemo lokhala ndi nambala yoposa 12. Mukapeza ngati `03/25/2025`, nkhani yatha, chifukwa kulibe mwezi wa 25, ndiye kuti mwezi ndi umene uli koyamba. Ngati atchula tsiku la sabata, tsegulani kalendala: 4 Malichi 2026 ndi Lachitatu, pomwe 3 Epulo 2026 ndi Lachisanu. Zonsezi zikakanika, funsani, musalote. Mukadziwa, lembani dzina la mwezi m'mawu, chaka ndi manambala ake onse anayi. Palinso kalembedwe ka padziko lonse ka `ISO 8601`, koyamba ndi chaka, monga `2026-03-04`. N'kabwino m'matebulo a pakompyuta, koma kwa munthu wowerenga kapepala ataimirira padzuwa, "4 Malichi 2026" sangaiphonye.

Za kutentha n'zachidule. Chotsani 32 pa 86, chulukitsani ndi 5, gawani ndi 9, mupeza madigiri 30 a `°C`. Lembani amenewo pamodzi ndi chizindikiro chake. Mukasiya 86 yekha, wina aganiza kuti mankhwalawo amapirira kutentha kuposa momwe chipinda chilichonse chingatenthere, n'kuwasunga pansi pa malata.

Ndalama zokha ndiye musazisinthe. Lita ya lero ndi lita ya chaka chamawa, koma mphamvu ya ndalama imasintha tsiku ndi tsiku, ndipo kapepala kanu kakhala m'manja mwa anthu kwa miyezi yambiri. Ntchito yanu ndi kunena kuti ndi ndalama za dziko liti. Chizindikiro cha `$` amachigwiritsa ntchito ku America, ku Canada, ku Australia ndi kwina, ndipo madola amenewa sali ofanana mphamvu. Lembani kuti "madola a ku America 1,250", kapena `USD 1,250` ngati malo achepa. Eni ntchito akaumirira kuti muikenso ndalama za dziko la owerenga, ziikeni pambuyo pake, muyambe ndi mawu akuti "pafupifupi" ndipo mutchule tsiku limene munatengera mtengo wosinthira.

Mkhalenso tcheru ndi kachizindikiro kali pakati pa 1 ndi 250. M'Chingelezi, chizindikiro cha `,` chimalekanitsa masauzande, ndipo kadontho kamayambitsa tizigawo ta nambala. Ku Germany, ku Brazil ndi mayiko ena ambiri n'zotembenuza: `1.250` ndiye sauzande imodzi ndi 250, pomwe `1,250` ndi imodzi ndi kota. Mukadzalandira pepala limene linayamba lamasuliridwa kuchokera ku Chijeremani kapena Chipwitikizi, onetsetsani ngati womasulira woyambayo anatembenuzadi zizindikirozi, chifukwa kawirikawiri amamasulira mawu n'kuiwala manambala a m'matebulo. Dzifunseni ngati nambalayo ikumveka: katoni ya mankhwala singagulidwe dola imodzi ndi kota.

M'Chichewa chanucho, manambala oposa 5 alembeni ndi zizindikiro, osati m'mawu. "Makumi awiri ndi zisanu" ikadukira kumapeto kwa mzere, diso limagwira "makumi awiri" n'kudumpha zotsalazo. Ndipo pamene pali theka, lembani 0.5 ndi ziro wake kutsogolo, kapena mawu akuti "theka la lita", chifukwa kadontho koyambirira kamafufutika msanga pepala likajambulidwa pamakina kangapo, .5 n'kusanduka 5.

Mukamaliza, pezani munthu amene sanaone Chingelezicho. Mupatseni kapepala kanu, mumufunse kuti athira mankhwala ochuluka bwanji mumpope wake, awasunga pati, ndipo asiya liti kuwagwiritsa ntchito. Pamene wakayikira kapena wayankha mosiyana ndi masamu anu, bwererani pa mzere umenewo.