Cheke cha Lachisanu masana

"Wogula wina wa ku Luchenza wandilembera cheke cha K1,800,000 cha nandolo wanga. Ndaika ku banki Lachisanu ndipo pafoni ndalamazo zikuoneka. Ndimupatse katunduyo?"

Achimwene, matumbawo akhale kaye m'nyumba. Funso lanuli landikumbutsa alamu anga a ku Bvumbwe, amene anagulitsa matabwa kwa bambo wina wovala bwino, wolankhula mwaulemu kwambiri. Cheke anachilandira Lachisanu masana, n'kuthamangira nacho ku Limbe. Uthenga utalowa pafoni, lole inanyamula matabwa onse usiku womwewo. Sabata yotsatira banki inachotsanso ndalama zija, cheke chinabwerera atachilemba Refer to Drawer, kutanthauza kuti kafunseni mwini wake. Nthawi zambiri mawu amenewa amabisa nkhani imodzi: muakaunti mwa wolembayo mulibe ndalama zokwanira. Foni ya bambo uja inali itazima kale.

Chimene alamu sankadziwa n'chakuti cheke ndi kalata chabe youza banki ya wolembayo kuti ikulipireni. Mukachiika kwanu, banki yanu imalemba ndalamazo muakaunti, koma imayamba yatumiza chekecho ku banki inayo kuti akaone siginecha, deti, ngati manambala akugwirizana ndi mawu, komanso ngati ndalama zilimo. Zimenezi zimatenga masiku angapo a ntchito, ndipo Loweruka, Lamlungu ndi matchuthi sawerengedwa. N'chifukwa chake akathyali amakonda Lachisanu. Ine munthu wolemba cheke Lachisanu masana n'kumafulumira kunyamula katundu sindimukhulupirira, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Masiku ano munthu akhoza kutumiza ndalama kuchokera pafoni ali pansi pa mtengo. Wokakamira cheke akugula nthawi, basi.

Komanso cheke chikhoza kufa ndalama zilimo. Wolembayo ali ndi ufulu wouza banki yake kuti isalipire, bola chisanalipidwe. Amapereka nambala ya cheke, deti, ndalama zake ndi dzina la wolandira, ndipo banki imamudula kangachepe. Njirayi ndi yabwino cheke chikatayika kapena chikabedwa, koma ena amaigwiritsa ntchito lole itangodutsa pa Thyolo boma. Ngongole yake siitha ayi, mukhoza kumutengera kukhoti, koma nandolo wanu adzakhala atafika kale kumafakitale.

Ndiye muchite chiyani?

Musadalire uthenga wa pafoni. Onani pamene alemba available balance, chifukwa ndizo ndalama zimene mungatape. Kapena pitani ku banki mukafunse kuti chekecho chalipidwa kapena chidakali m'njira. Chikabwerera, katengeni pepala la banki losonyeza chifukwa chake, ndiwo umboni wanu. Wogulayo akakwiya kuti mukumuchedwetsa, muuzeni atumize ndalamazo muakaunti mwanu lero, cheke chake mudzamubwezera.