Batire likusonyeza 12.5 koma silikhalitsa

"Chaka chatha ndinagula batire la galimoto la 50Ah loyatsira mababu ndi wayilesi kunyumba kwanga ku Chiputula. Ndikalitchaja pa sola, mita imawerenga 12.5, koma ola limodzi silikwana. Ndithire asidi wina?"

Achimwene, asidi ayi, chonde. Chimene chimauma m'batire ndi madzi, ndiye mukaona mapuleti a mtovu a m'kati mwake ali pamtunda muzithira madzi a batire okha, osati a pampopi.

Vuto lanu lili pa mapuletiwo. Batire likamatulutsa moto, asidi amagwirana ndi mtovu n'kupanga salufeti, tinthu toyera tomata pa mapuleti. Mukalitchaja msanga mpaka kudzaza, salufetiyo amabwerera mu asidi. Koma likakhala masabata lili theka, amauma gwa, ndipo tchaja samuchotsanso. Malo osungira moto amachepa, ngati chidebe chimene chadzaza matope: pakamwa madzi ali tho, koma mukatunga makapu awiri atha. Kuno ku Mzuzu zimachitika kwambiri, chifukwa mitambo ndi mvula ya mu Malichi ndi Epulo sizilola kasola kakang'ono kudzazitsa batire. Komanso batire la galimoto analipangira kuliza injini kwa timasekondi, osati kukhuthulidwa usiku uliwonse. Mapuleti ake ndi opyapyala ndipo amayoyoka.

N'chifukwa chake mita payokha imapusitsa. Batire longochoka pa tchaja limawerenga mokwera, ndiye lisiyeni usiku wonse lisanalumikizidwe ku chilichonse. M'mawa, mavoti 12.6 kapena 12.7 ndi lodzaza, 12.2 lili pafupifupi theka. Mukapeza 10.5 mutalitchaja bwino, mwina chipinda chimodzi mwa zipinda zisanu ndi chimodzi za m'kati mwa batire chafa, ndipo pamenepo palibenso chokonza.

Kenako lisenzetseni katundu. Ine ndimagwiritsa ntchito babu lakutsogolo kwa galimoto la 55W, limene limakoka maampu pafupifupi 4.5. Likayaka maola asanu ladya 22Ah, pafupifupi theka la batire lanu. Lichotseni, dikirani ola limodzi, muyeze: batire labwino likhala cha m'ma 12.2. Langa lina linagwa kufika 10.5 patangotha mphindi 50, babu litafiira ngati khala la pa mbaula. Pa 50Ah yolembedwa pachikwatu panali patatsala yosakwana 5. Zinandiwawa, poti ndinalisiya ndekha m'galaja miyezi inayi osalitchaja.

Mukagula lina, musamalitsitse kupyola theka, ndipo kamodzi pa sabata lizidzaza ndithu. Mukafuna kulisunga, litchajeni kaye, chotsani mawaya, pukutani fumbi pamwamba, muliike pozizira bwino, osati pansi pa malata otentha. Limataya moto lokha ngakhale lili phee, ndiye muziliyeza mwezi uliwonse. Likafika 12.4 libwezereni pa tchaja, pamalo opita mphepo, kutali ndi kandulo ndi mbaula, chifukwa mpweya umene limatulutsa potchaja umaphulika.